Mabaibulo awiri patebulo limodzi, lina lonenepa lina lowonda

"Bambo, ine ndi wa mpingo wa pente, amuna anga ndi Akatolika. Abusa athu akuti Akatolika anawonjezera mabuku m'Baibulo ndipo temberero la pa Chivumbulutso 22 lili pa iwo. Amuna anga akuti ndife amene tinachotsa. Ana ayamba kufunsa. Wonama ndani?" Mayi wina wa ku Bangula.

Mayi, kalata yanu ndinaiwerenga usiku ndili pakhonde, poti m'nyumba simunali mokhalika ndi kutentha kwa Okutobala, ndipo inandiwira mumtima. Ine ndinakulira pakati pa nkhondo imeneyi. Bambo anga anali mkulu wa mpingo wa chiprotestanti, munthu woti Buku Lopatulika lake linali lokutidwa ndi nsalu komanso lodzala ndi mizere ya pensulo. Kuchikazi kwawo, tsidya la kum'mawa kwa Shire, kunali Akatolika okhaokha, ndipo amalume anali katekisti. Agogo aakazi atamwalira tinawoloka tonse kukalira maliro. Mwambo unayenda bwino mpaka tsiku lobalalika, pamene amalume analengeza kuti abale asonkhe kangachepe ka misa yopempherera mzimu wa agogo. Bambo anakana poyera. Anati wakufa wapita, mlandu wake uli ndi Mulungu, ndipo palibe pamene Malemba amatiuza kupempherera akufa. Amalume sanakweze mawu. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi Baibulo lawo, nawerenga 2 Amakabeo 12. Bambo anatsegula lawo, kufunafuna kuyambira Genesis mpaka Malaki, osalipeza buku la dzina limenelo. Kenaka anati, "Alamu, buku lanulo mwalembamo zanu." Mawu amenewo anatidyera zaka. Mayi ankapita okha kwawo, ife ana tinkamva za asuweni athu ngati anthu a dziko lina, ndipo ngakhale chaka chimene madzi anasefukira n'kukokolola nyumba ya amalume, chimanga chimene bambo anatumiza chinapita popanda moni.

Choncho ndikamva mlaliki akuponya Chivumbulutso 22:18 pa anthu anzake, sindiseka. Yohane ankanena za "buku ili", buku la ulosi limene iye ankalemba. Panthawiyo kunalibe Baibulo lomangidwa pamodzi lokhala ndi chikuto ndi ndandanda wa zam'kati. Kunali mipukutu, ndipo mpingo wa mzinda wina unkatha kukhala ndi makalata a Paulo koma osaonapo kalata ya Yakobe. Amene amagwiritsa vesi limeneli poopseza banja la mnzake sanawerenge mbiri, kapena anaiwerenga koma akuona kuti mantha amadzazitsa tchalitchi msanga. Ndanena.

Tiyambe ndi pamene palibe mkangano. Chipangano Chatsopano n'chimodzi kwa inu ndi amuna anu, mabuku 27. Nachonso sichinagwe kumwamba chili chomangamanga. Mauthenga Abwino anayi ndi makalata a Paulo analandiridwa msanga, koma Ahebri, Yakobe, 2 Petro, Yuda ndi Chivumbulutso chomwecho anakayikiridwa m'madera ena kwa nthawi yaitali. Mndandanda woyamba umene uli ndendende ndi mabuku 27 athuwa uli m'kalata ya Pasaka imene Atanasio, bishopu wa ku Alekizandiriya, analemba m'chaka cha 367. Kusiyana konse kuli m'Chipangano Chakale: inu muli ndi mabuku 39, amuna anu 46. N'chifukwa chake lanu lili ndi 66, lawo 73. Asanu ndi awiri osiyanitsawo ndi Tobiti, Yuditi, Nzeru za Solomoni, Sira, Baruki, ndi mabuku awiri a Amakabeo. Palinso zigawo zina m'mabuku a Estere ndi Daniele.

Gwero lake ndi chilankhulo. Zaka ngati 250 Yesu asanabadwe, Ayuda ambiri okhala ku Ejipito anali atasiya Chihebri, ankalankhula Chigriki. Ku Alekizandiriya anayamba kumasulira Malemba m'Chigriki, poyamba mabuku asanu a Mose, ena pambuyo pake. Zomasulirazi ndi zimene zimatchedwa Septuajinti. Pamodzi nazo pankayendanso mabuku ena achiyuda olembedwa mochedwerapo, ena omasuliridwa kuchoka ku Chihebri kapena Chiaramu, ena olembedwa m'Chigriki momwemo. Akhristu oyamba, poti uthenga unafalikira m'Chigriki, anatenga Malemba achigrikiwa. Arabi achiyuda nawo anakhazikika pa mndandanda wawo wachihebri, wopanda mabuku ochedwawo. Kuyambira pamenepo mindandanda inali iwiri, ndipo Papa kapena Lutera anali asanalotedwe n'komwe m'nkhaniyi.

Anthu awiri amene mipingo yonse imawalemekeza anasiyana maganizo pa zimenezi. Jeromu, amene anakhala ku Betelehemu namasulira Chipangano Chakale m'Chilatini kuchokera ku Chihebri cha m'ma 400, ankati mabuku amene sali m'Chihebri awerengedwe pomangirira anthu, koma asakhale maziko a chiphunzitso. Agustino, bishopu wa ku Hipo kumpoto kwa Afrika kuno, ankati mpingo wakhala ukuwawerenga m'mapemphero kuyambira kale, choncho ndi Malemba. Misonkhano ya mabishopu ku Hipo mu 393 ndi ku Katheji mu 397 inatsata mbali ya Agustino. Ndimakonda kukumbutsa anzanga amene amati "mabuku amenewa ndi a azungu a ku Roma" kuti amene anawaikira kumbuyo mwamphamvu anali mabishopu a mu Afrika. Ndipo kwa zaka zoposa 1,000 maganizo awiriwa anakhala mu mpingo umodzi osagawanitsa anthu. Mabukuwo ankakopedwa m'Baibulo lachilatini, mawu a Jeromu okayikira aja nawonso ankakopedwa momwemo ngati mawu oyamba.

Chimene chinayatsa moto

Ndi ndime ija anawerenga amalume. Nkhani yake ili motere. Yudasi Makabeo, mtsogoleri wa Ayuda pa nkhondo yolimbana ndi mafumu achigriki a ku Siriya, anapita ndi anthu ake kukatola mitembo ya asilikali amene anafa. Pansi pa malaya a wakufa aliyense anapezapo tizithumwa ta mafano a ku Yamniya, zimene Chilamulo chimaletsa. Anthu anati n'chifukwa chake amenewa anagwa. Yudasi anawapempherera, nasonkhetsa ndalama zasiliva 2,000, nazitumiza ku Yerusalemu kuti akapereke nsembe yopepesera tchimo lawo. Wolemba bukulo akuyamikira zimenezi, akuti Yudasi anatero chifukwa ankakhulupirira kuuka kwa akufa, apo ayi kupempherera akufa kukanakhala kupusa.

Mu 1519 ku Laipuzigi, m'dziko la Jeremani, Marteni Lutera, amene anayambitsa chiprotestanti, ankatsutsana ndi katswiri wachikatolika Yohane Eki pa za Purigatoriyo, kumene Akatolika amati mizimu imayeretsedwa isanalowe kumwamba, ndipo Eki anatulutsa ndime imeneyi. Lutera anayankha kuti bukulo silili pa mndandanda wa mabuku otsimikizira chiphunzitso, ndipo anatsamira pa Jeromu. Onani, mayi, kuti sanapeke chatsopano. Anatola maganizo akale amene anagona zaka zambiri, nawasandutsa chida. Komabe sanawataye mabukuwo. M'Baibulo lake lachijeremani la 1534 anawasonkhanitsa pakati pa zipangano ziwiri pa mutu wakuti Apokirifa, nalemba kuti salingana ndi Malemba Oyera koma ndi othandiza ndiponso abwino kuwerenga. Akatolika anayankha pa msonkhano wa ku Trento mu 1546 potseka nkhaniyo: onse 73 ndi Malemba, mofanana. Ndiye wonena kuti Trento inawonjezera mabuku akulakwa, chifukwa mabukuwo analimo kale. Wonena kuti Lutera anang'amba masamba nayenso akulakwa. Ngakhale Baibulo lachingerezi la Kingi Jemusi, limene alaliki a pa msika wa Nchalo amalikweza m'mwamba ngati loyera koposa onse, linatuluka mu 1611 lili ndi mabuku amenewa pakati.

Amene anawachotseratu ndi ena, ndipo nkhani yake ndi ya ndalama. Bungwe lalikulu lofalitsa Baibulo la ku Mangalande linkathandiza kusindikiza Mabaibulo okhala ndi Apokirifa kwa anthu a ku Ulaya amene anawazolowera choncho. Apresibiteriyani a ku Sikotilande, amene chivomerezo chawo cha 1647 chimati mabukuwa alibe ulamuliro mu mpingo, anakana kuti zopereka zawo zipite kumeneko. Mkangano unakula, ndipo mu 1826 bungwelo linagamula kuti silidzalipiriranso kusindikiza Apokirifa. Tsono ganizani amene anabweretsa Baibulo kuno. Buku Lopatulika la 1922 linamasuliridwa ndi amishoni achiprotestanti, wotsogolera ntchitoyo ali Wiliyamu Mare wa mishoni ya Adatchi, ndipo linasindikizidwa ndi mabungwe a Baibulo omwewo. Linafika m'manja mwa bambo anga lili ndi 66, ndipo iwo analibe njira yodziwira kuti agogo a amishoniwo ankawerenga Tobiti. Akatolika anatulutsa lawo, Malembo Oyera, mu 1966. Buku Loyera la 1998 anamasulira pamodzi Akatolika ndi Aprotestanti, ndipo limapezeka mitundu iwiri, lokhala ndi mabuku aja ndi lopanda. Mawu a pa Yohane 3:16 ndi amodzimodzi m'mitundu yonse iwiri.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa amuna anu asadzitame kwambiri ndi 73 wawoyo. Akhristu a Orthodokisi a ku Girisi ali ndi 3 Amakabeo ndi Salimo 151. Mpingo wa ku Itiyopiya, umene unalipo zaka mazanamazana Livingisitoni asanaone Shire, umawerenga mabuku 81, kuphatikizapo Enoki. Ndipo Enoki ameneyu akutchulidwa mawu ake mu Yuda 14 ndi 15, m'Baibulo lanu lomwelo, mayi. Anthu ena amati buku limakhala Malemba ngati Chipangano Chatsopano chalitchula. Muyeso umenewo ukanalowetsa Enoki n'kutulutsa Estere, amene satchulidwa paliponse. Winanso amati mabuku asanu ndi awiriwo sanalembedwepo m'Chihebri, koma zidutswa za Sira m'Chihebri zinapezeka ku Kairo ndi ku Masada, ndipo za Tobiti zinapezeka m'mapanga a ku Kumrani. Mfundo yoona ya Aprotestanti ndi yakuti Ayuda sanawaike pa mndandanda wawo, ndipo ndi mfundo yolemera. Ya Akatolika ndi yakuti mpingo wakale unkawawerenga, nayonso ndi yolemera. Ine ndinatsalira ku mpingo wa bambo, ndipo sindimanga chiphunzitso pa 2 Amakabeo 12, makamaka poti anthu aja anafa ndi mafano m'thupi, tchimo limene ngakhale chiphunzitso cha Purigatoriyo sichimati n'laling'ono. Koma Mprotestanti amene sanawerengepo 1 Amakabeo 4 sadziwa kumene chinachokera chikondwerero chokonzanso Kachisi chimene Yesu anapitako pa Yohane 10:22, ndipo umbuli umenewo si chiyero.

Za ana: ikani Mabaibulo onse awiri patebulo, mutsegule ndandanda wa zam'kati, awerenge okha. Kenaka atsegule Daniele. Lanu lithera pa mutu 12, la bambo awo lipitirira ndi nkhani ya Suzana ndi ya fano la Beli, kapena lidzaziika padera ngati ndi Buku Loyera. Auzeni kuti lanu linatsata mndandanda wachihebri, la bambo linatsata wachigriki umene mpingo wakale unkawerenga, ndipo pa za Yesu mabuku ndi omwewo 27. Abusa anu musakangane nawo pa guwa. Afunseni pambali, mwaulemu, chaka chimene Akatolika anawonjezera mabukuwo, ndipo akatchula 1546 muwafunse chimene mabukuwo ankachita m'Baibulo la Lutera la 1534.