Osafunsa zomwe amakonda, funsani zomwe sangapirire

"Anzanga, tilipo asanu ndi mmodzi, Loweruka tikufuna kuonera filimu limodzi. Wina amakonda zomenyana, wina zachikondi, wina zoopsa. Tisankhe bwanji kuti pasakhale wonyinyirika?"

Mayo ine, mwanditokosa pabala achimwene. Ife tinalipo asanu, tinatha mphindi 40 rimoti ikungoyenda m'manja, aliyense akuti iyi ayi, iyo ndinaonera kale. Kenako mnzathu wina, uja amadziyesa katswiri wa mafilimu, analanda rimoti n'kunena kuti tonse tikhale chete, iye akudziwa yabwino. Anatiyikira ya pafupifupi maola atatu, yachilankhulo chomwe palibe ankamva, yomachita kuwerenga mawu m'munsi. Awiri anayamba kuseweretsa foni ola lisanathe. Zimenezo n'zazing'ono. Chapakatikati panafika poti mayi wa m'filimumo ali gone m'chipatala, mwana wake atamugwira dzanja, ndiye kamera yangoima pankhope osasuntha, kumangomveka kupuma kokha. Pamenepo n'kuti mnzathu wina atangoika maliro a mayi ake miyezi iwiri yapitayo. Ndinangomva mpando kugwedera, iye wadzuka mwakachetechete, kukadzitsekera kubafa. Tinkamumva akusisima ife tili kakasi, filimu ikupitirirabe chifukwa palibe analimba mtima kuyizimitsa.

Ndiye katswiri uja akuti chani? Akuti "dikirani, kutsogoloku ndiye kokoma." Anali atayionera kale kawiri! Ankadziwa bwinobwino zomwe zili mmenemo. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umawira.

Ndiye inu musafunse kuti mumakonda chani, mukangana mpaka tulo. Aliyense akutumizireni payekha chinthu chimodzi chomwe sangapirire, kaya ndi magazi, mizukwa, zogonana kapena maliro. Pagulu anthu amachita manyazi kunena. Mukatero pezani mafilimu atatu okha, osapitirira maola awiri, ndipo muwerenge timawu tolembedwa pafupi ndi nambala ya zaka, 13, 16 kapena 18, chifukwa kanema wotsatsa uja amabisa zambiri. Voti musachite, atatu akapambana ena atatu amaonera atatupa. Bola muzichotsa yomwe wina sakuyifuna mpaka itatsala imodzi, yotsalayo ndi yomweyo.

Kwa gulu ngati lanulo yesani zija za kagulu kokonza zokaba mwaukathyali, kapena zofufuza wolakwa. Wazomenyana amapezamo kuthamangitsana, wazoopsa mtima umakhala m'mwamba, kachikondi sikalephera kupezekamo, komanso nonse mumapikisana kulota mathero. Mugwirizanenso kuti pakatha mphindi 20, awiri akati yatibowa, musintha popanda wokwiya.

Komabe kunena zoona, zofunsana zambirizi nazo zimatopetsa. Nthawi zina bola munthu mmodzi amene anayionera kale angosankha, enanu mukhale pansi muonere. Kungoti rimoti musapatse munthu ngati uja.