Za ma siginolo a golide, mverani zomwe zinawaonekera alamu anga ku Joni

"Ndimagwira ntchito ku Joni, kwathu ndi ku Namwera. Ndasunga R20,000 yogulira malata koma pagulu lathu la WhatsApp pali mkulu wina amatumiza matchati a golide, akuti ndikatsatira siginolo yake ndalamayi ibereka kawiri mwezi usanathe. Ndilowe kodi?"

Achimwene, ndalama ya malatayo musaikhudze chonde. Ndikuuzeni za alamu anga, dzina sinditchula, a kwathu kuno ku Mangochi.

Iwowa ankagwira ntchito pa weyahausi ina ku Joni, malipiro a pamwezi, ndipo zaka ziwiri akudzimana anasunga R36,000, nthawi imeneyo inali ngati madola 2,000. Njerwa anali ataotcha kale kumudzi, kunangotsala simenti ndi denga. Ndiye mnzawo wa kuntchito anawalowetsa mu gulu, akuona ma sikilinishoti a phindu tsiku ndi tsiku, zoluza palibe amaonetsa. Lachisanu lina kunabwera tchati cha XAUUSD, ameneyo ndi golide, atajambulapo mizere iwiri ndi muvi woloza kumwamba, akuti apa pafika pansi sipatsikanso, gulani.

Pomwe anthu amagwera ndi pa loti, kukula kwa zomwe mwagula kapena kugulitsa. Pa golide loti imodzi ndi ma aunsi 100, ndiye mtengo ukasuntha dola imodzi yokha, inu mwapeza kapena mwataya madola 100. Alamu anadina Buy pa 0.50, kutanthauza madola 50 pa dola iliyonse, Stop Loss, malire oti tiredi idzitsekere yokha ikaluza kufika pamenepo, osaika chifukwa mkulu wa gulu lawolo anati imangokutulutsa msanga. Sanadziwenso kuti linali tsiku la NFP, lipoti la ntchito la ku Amerika lomwe nthawi zambiri limatuluka Lachisanu loyamba la mwezi masana, ndipo likatuluka golide amadumpha ngati mbuzi yomasulidwa pachingwe. Mtengo unatsika ndi madola 15, pa foni pafiira, 750 yapita. Anandiuza kuti anali mu toileti ya kuntchito, foni ikuterera m'manja ndi thukuta, kulemba mu gulu muja mayankho ake akuti onjezerani, watchipa. Anaonjezera 0.50 ina. Apa tsopano dola iliyonse ikudya 100, ndipo mtengo utangotsikanso ndi madola 10 ndi pang'ono, buloka, kampani yomwe anatsegulako akaunti, anatseka yekha ma tiredi onse, zija amati stop out, pomwe ndalama yotsala yachepa kuti igwirire ngongole ya levaleji. Munatsala madola ngati 200. Zaka ziwiri, masana amodzi.

Chomwe chimandiwawa ine, sabata yotsatira golide anakweradi. Muvi uja mwina sunaname kwenikweni, koma akaunti inali itafa kale, chifukwa loti inali yaikulu kuposa thumba lawo. Ndipo dziwani kuti ambiri otumiza ma siginolo aulere amakupatsani linki yolembetsera kwa buloka, iwo nkumalandira komishoni, ena pa tiredi iliyonse yomwe mwatsegula, muwine muluze zawo zayera. Nchifukwa chake amakonda mawu oti onjezerani.

Achemwali anga anamva patapita miyezi itatu, mvula itayamba kunyowetsa njerwa zija. Mnyumba simunali mtendere, zimenezo ndisalowemo.

Alamu foleksi, malonda a ndalama ndi golide pa intaneti amenewa, sanaisiye, koma anasintha kachitidwe, ndipo ndi gawo limeneli ndikufuna mulimvetse. Malipiro akangolowa, ya kumudzi ndi ya nyumba imatumizidwa tsiku lomwelo isanagone mu foni. Anakhala miyezi ingapo pa demo, akaunti yoyeserera ya ndalama zabodza, kenako anatsegula ndi madola 300 okha, ndalama yoti itapita ana sagona ndi njala. Lamulo lawo ndi lakuti tiredi imodzi isaluze kuposa 1% ya akaunti, apa ndiye madola atatu. Atawerengera anapeza kuti golide sawakwana, chifukwa ngakhale pa loti ya 0.01 dola iliyonse yomwe mtengo watsika imadya dola, Stop Loss ya madola atatu golide amaigunda mphindi zochepa. Anapita pa EURUSD, ameneyo ndi yuro ndi dola, pomwe 0.01 ndi masenti 10 pa pipu, kamuyeso kakang'ono ka kusuntha kwa mtengo, ndiye Stop Loss ya mapipu 30 imakwana ndendende madola atatu aja. Amaiika asanadine, saisuntha, akaluza kawiri amatseka MT5, apu yochitira ma tirediyo, mpaka mawa, ndipo tiredi iliyonse amailemba mu kope la sukulu ndi chifukwa chomwe analowera. Sanalemere nazo ayi, miyezi ina amatuluka ataluza pang'ono. Denga linakwera ndi malipiro a ku weyahausi.

Inuyo pa R20,000 yanu, 1% ndi R200. Kuti ibereke kawiri pamwezi mukuyenera kuika pangozi zochuluka kwambiri kuposa apo, ndipo mukaluza theka, R10,000 yotsalayo ikufunika ipindule 100% kuti mungobwerera pomwe munali. Mkulu wanuyo mufunseni nambala yake ya FSP, ya chiphaso chomuloleza kupereka malangizo a zandalama, mukaione pa webusaiti ya FSCA, bungwe loyang'anira za ndalama ku South Africa, komanso akuonetseni sitetimenti ya chaka chonse yokhala ndi zoluza zomwe. Podikira yankho lake, tumizani ndalamayo ku Namwera agule malata mvula isanagwe.