Samu wakhoza, koma wayankha funso lina

"Mwana wanga wa Sitandade 5 kuno ku Ngabu amachulukitsa bwinobwino, koma masamu a nkhani amangolakwa. Funso likafuna kusiyana, iye amapereka zonse pamodzi. Ndimuthandize bwanji?"

Zikomo mayi. Musamuonjezere masamu ochulukitsa, pamenepo palibe vuto. Tiyeni tione samu imodzi.

Mlimi wina wa ku Ngabu wakolola matumba 6 a thonje, lililonse lolemera makilogalamu 45. Mnzake wa ku Bangula wakolola matumba 4 a makilogalamu 50. Kodi wa ku Ngabu waposa mnzake ndi makilogalamu angati?

Mwana amayamba bwino: 6 × 45 = 270, kenako 4 × 50 = 200. Apa watuluka thukuta, ndipo funso lija analiwerenga kalekale. M'kope mwangotsala manambala awiri opanda mayina, ndiye dzanja limathamangira chimene linazolowera, kuphatikiza, n'kulemba 470. Yankho loona ndi 270 − 200 = 70. Ena amangoima pa 270, poganiza kuti nambala yomwe yawavuta kupeza ndiyo yankho.

Chimene ndimachita ine ndi ichi. Asanawerengere chilichonse, alembe pansi pa tsamba chiganizo cha yankho chokhala ndi mpata: "Wa ku Ngabu waposa mnzake ndi makilogalamu ...". Nambala iliyonse imene wapeza panjira aipatse dzina: 270 ndi thonje la wa ku Ngabu, 200 ndi la wa ku Bangula. Akamaliza aike yankho lake mumpata muja n'kuwerenga mokweza. Akanena kuti "waposa mnzake ndi makilogalamu 470", mufunseni kuti munthuyo anakolola angati. Akangoti 270, amaseka yekha. Munthu sangapose mnzake ndi thonje lochuluka kuposa lomwe ali nalo. Kusiyana kwa milu iwiri sikungakule kuposa mulu waukuluwo, pomwe zonse pamodzi sizingachepere mulu umenewo.

Chenjerani ndi njira yachidule yomwe ana amauzana, yoti ukaona mawu oti "kuposa" uchotsere. Ine sindiikonda m'pang'ono pomwe. Tamvani iyi: wa ku Bangula ali ndi makilogalamu 200, wa ku Ngabu ali ndi 70 kuposa pamenepo, wa ku Ngabu ali ndi angati? "Kuposa" alipo, koma apa n'kuphatikiza, 270. Mwana wosaka liwu limodzi alemba 130.

Madzulo kukazizirako (masana a ku Chigwa kuno mutu sugwira), tengani nkhani ya thonje yomweyo, osasintha nambala, muzingosintha funso. Onse awiri akolola angati? Waposa mnzake ndi angati? Wa ku Bangula akufunika angati kuti afanane ndi mnzake? Asawerengere, angonena kuti aphatikiza kapena achotsera, ndi chifukwa chake. Funso lachitatulo limapusitsa ambiri: limamveka ngati loonjezera, koma yankho lake ndi 70 yemwe uja.