Chifukwa chiyani sindinapeze 1:1:1:1?

"Ndinakweretsa ntchentche za AaBb ndi aabb, koma ana sanatuluke 1:1:1:1. Ndalakwitsa pati?"

Simunalakwitse ayi. Mitundu inayi ya ana imatuluka yochuluka mofanana, 1:1:1:1, majini awiriwo akamayenda payekhapayekha. Majini anuwo ali pa kromozomu imodzi, choncho amayendera limodzi. Amasiyana pokhapokha makromozomu awiri ofanana akasinthana zidutswa pakati pa majiniwo, nthawi yopanga mazira.

Tiyerekeze kuti mwa ana 1,000, AaBb ndi aabb alipo 880, pomwe Aabb ndi aaBb alipo 120. Ochepawo ndiwo osakanizika: 120 ÷ 1,000 = 12%, kutanthauza mtunda wa masentimogani 12, kapena kuti 12 cM, pakati pa majini awiriwo pamapu a kromozomu. Majini akatalikirana, kusinthana kumachuluka, koma sikupitirira 50%.

Chenjerani pa chinthu chimodzi: AaBb ikhale yaikazi, poti ntchentche yaimuna ya Drosophila sisinthanitsa zidutswa konse.