Saidi, Said kapena Sayidi: tsatirani la pa MSCE

"Pa setifiketi ya MSCE ndine Saidi, pa chitupa cha unzika Sayidi, pa kalata ya kubadwa Said. Ndili ku Salima, ndikufuna kufunsira ntchito. Ndisankhe liti?"

Achimwene, tengani Saidi, la pa MSCE. Musayambe kufunsa kuti agogo ankalemba bwanji, funsani kuti pepala lovuta kusintha ndi liti. Chitupa cha unzika chimakonzedwa ku ofesi ya NRB kwa DC pa boma pomwepo. Setifiketi inasindikizidwa kamodzi, kuchokera pa dzina lomwe sukulu inatumiza ku MANEB, ndipo kuikonza patapita zaka ndi mtunda wautali.

Chimapweteka ndi tsiku la intavyu. Munthu wadzuka usiku, wakwera minibasi ya ku Lilongwe ndi ndalama yangongole, mafunso wayankha bwino. Kenako akuti tulutsani mapepala enieni. Wina agoneka chitupa pambali pa setifiketi, chala chikuyenda pa zilembo, chaima pa "y". "Ameneyu ndi inu, kapena m'bale wanu?" Basi, mwasanduka wokayikitsa, ngati mwabwereka setifiketi ya mwini. Palibe amakutukwanani, fayilo yanu imangoikidwa pambali. Ndipo wolakwa si inu! Ndi akalaliki olemba dzina mongomvera m'khutu, osafunsa n'komwe, aliyense kuwonjezera chilembo chake. Pa kalembera wa 2017 anthu ambiri sanawerenge n'komwe zomwe zinalembedwa, chifukwa cha mizere ija.

Chitani chonchi. Lembetsani kalata yolumbira, afidaviti, pamaso pa majisitireti kapena loya. Itchule maina onse atatu, chilembo ndi chilembo, inene kuti onsewo ndi munthu mmodzi, ndipo kuyambira lero mukhala Saidi. Ikhalenso ndi tsiku lobadwa ndi nambala ya chitupa. Ikatchula awiri okha, lachitatu lidzakugwirani mwendo tsiku lina. Mukatero pitani ku NRB ndi kalatayo, setifiketi yeniyeni, chitupa ndi mafotokope, mupemphe kukonza dzina pa chitupa ndi pa kalata ya kubadwa. Asanatumize, werengani nokha zomwe alemba pa kompyuta. Chatsopano chikatuluka mukasinthitse ku banki ndi pa simu khadi, apo ayi ndalama idzakanirira chifukwa maina asiyana. Pasipoti ikhale yomaliza, imatengera za pa chitupa.

Komabe ngati ntchito yalengezedwa kale, musadikire chitupa, chimachedwa. Funsirani ndi Saidi, mumatepo afidaviti, ngakhale ena amaiyang'ana monyinyirika. Ndipo kwa ana anu musatsatirenso setifiketi ya wina aliyense: dzina la pa kalata ya kubadwa ndilo lipite ku sukulu. Akafika Sitandade 8, pitani nokha kwa ahedi mukaone mndandanda wa mayeso usanapite ku MANEB.