Dzina lakanidwa pa TikTok ndi pa Facebook: yankho kwa achimwene a ku Ngabu

"Ndimagulitsa ng'ombe ndi mbuzi kuno ku Ngabu, ndipo ogula ambiri, makamaka a mabutchala a ku Blantyre, amandipeza pa foni. Pa TikTok ndinkafuna dzina loti `Ng'ombe za pa Ngabu` koma anakana. Nditayesayesa ndinatopa, n'kungovomera loti `ngombe88271`. Pano ndaganiza labwino koma akuti ndidikire masiku 30. Ku Facebook nakonso dzina la bizinesili akulikana. Ndalakwa pati? Palibe njira yachidule?"

Achimwene, ya masiku 30 ija njira yachidule ilibe. Koma dzina lanu lokongolalo mutha kulilemba lero lomwe, monga mmene mumalitchulira, chifukwa vuto n'loti munalilemba m'bokosi losayenera.

Lowani pa `Profile`, mudine `Edit profile`. Muona mabokosi awiri, lina lolembedwa `Name`, lina `Username`. Anthu ambiri amawatenga ngati chinthu chimodzi, pomwe ntchito zake n'zosiyana kwambiri. Zili ngati minibasi za pa msewu wa Blantyre kupita ku Nsanje: ziwiri kaya zisanu zitha kulembedwa mawu ofanana pagalasi, palibe angadandaule, koma nambala ya galimoto iliyonse ili ndi yakeyake ndipo mwini wake sailemba mmene akufunira. `Name` ndi mawu a pagalasi aja. `Username`, lomwe limayamba ndi @, ndiye nambala.

Dzina la @ limalowa mu adiresi ya tsamba lanu pa intaneti. Lanu pakali pano ndi ili:

```
tiktok.com/@ngombe88271
```

N'chifukwa chake makina amaliumira mtima. TikTok imalola zinthu zinayi zokha mmenemo: zilembo wamba za a mpaka z, manambala, kadontho, ndi kamzere kapansi aka `_`. Tsono taonani lanu lija. Lili ndi mipata itatu pakati pa mawu, ndipo mpata saulola. Lilinso ndi kachizindikiro kam'mwamba ka mu ng', komwe kwa ife ndi mbali ya kalembedwe ka mawuwo, koma kwa makinawo si chilembo ayi. Kamodzi kokhako n'kokwanira kuti dzina lonse likanidwe. Kuno ku chigwa nkhani imeneyi imagwira anthu ambiri: wolemba Mang'anja, ng'oma, ng'ona, ngakhale m'dambo, onse amagunda khoma lomweli. Amene amakonda kulemba Malaŵi ndi ŵ wa kachipewa nawonso amabwezedwa. Instagram malamulo ake ndi ofanana ndi amenewa, ndipo Gmail imaposa apa chifukwa imakana ndi kamzere kapansi komwe.

Ndikudziwa kuti `ngombe` yopanda kachizindikiro imaoneka yolumala kwa munthu amene anaphunzira Chichewa bwino kusukulu. Ine ndimati isiyeni choncho. Wogula aliyense aiwerenga bwinobwino, ndipo pofufuza pa foni ambiri salemba n'komwe kachizindikiroko. Ena amayesa kuika kadontho m'malo mwake, `ng.ombe`, koma uko n'kudzipatsa ntchito yomafotokozera munthu aliyense pa foni kuti kadontho kali pati.

Tiyeni tiyese mayina angapo limodzi, muone mmene amagwera.

```
ng'ombe za pa ngabu
ngombe.ngabu.
ngombe_zonenepa_za_pa_ngabu
ngombe.za.pa.ngabu
```

Loyambalo tanena kale. Lachiwiri zilembo zake zonse n'zololedwa, koma latha ndi kadontho, ndipo kadontho kumapeto saloleza. Kameneka kamalowa kokha nthawi zina, chifukwa mafoni ambiri ukadina kawiri batani la mpata amaika kadontho. Lachitatu latalika: mukawerenga zilembo pamodzi ndi timizere tomwe zikukwana 27, pomwe TikTok imalekeza pa 24. Pa Instagram lomwelo likhoza kulowa poti kumeneko amalola mpaka 30. Lachinayi ndi 18, lilibe mlandu uliwonse, ndipo likhoza kudutsa pokhapokha ngati wina sanalitenge kale.

Apa ndi pamene anthu amakwiya kwambiri. Walemba dzina loyera, apu ikuti silikupezeka, ukafufuza mwini wake sukumuona. Choyamba dziwani kuti zilembo zazikulu sizisiyanitsa kanthu: `NgombeNgabu` ndi `ngombengabu` kwa makina ndi dzina limodzi. Pa Facebook ngakhale madontho sawerengedwa, moti `ngombe.ngabu` ndi `ngombengabu` ndi chimodzimodzi. Chachiwiri, dzina litha kukhala ndi mwini amene sakuoneka. Mwina anatsegula akaunti kalekale n'kuisiya, mwina anaiimitsa kaye, mwina inatsekedwa chifukwa chophwanya malamulo. Dzinalo limakhala logwiridwabe. Pa Instagram munthu akasintha dzina la @, lakalelo nthawi zambiri amamusungira masiku 14 kuti ngati wasintha maganizo abwererenso. Pa Gmail adiresi ikafufutidwa ndiye kwatha, saipatsanso munthu wina.

Palinso sefa ya mawu otukwana ndi mawu osungidwa, monga dzina la kampaniyo kapena mawu oonetsa ngati ndiwe wogwira ntchito kumeneko. Sefa zoterezi zambiri zinapangidwa poganizira Chingerezi, ndipo zina zimangoyang'ana zilembo zotsatizana osaona mawu onse. Mu 1996 anthu a m'tauni ya Scunthorpe ku England analephera kutsegula maakaunti a kampani ya intaneti ya AOL chifukwa mkati mwa dzina la tauni yawo muli zilembo zinayi zimene paokha ndi chitukwano. Mawu a Chichewa kapena Chisena osalakwa konse atha kukodwa mwa njira yomweyi, makamaka mukalumikiza mawu awiri popanda chowalekanitsa.

Mungadziwe bwanji chimene chakugwirani? Bokosilo likadzatseguka, yesani chonchi, osadina `Save`. Onjezani nambala imodzi kumapeto kwa dzinalo. Likavomera, ndiye kuti loyambalo lili ndi mwini. Likakanabe, onjezani manambala ena osiyana. Ngati likukanabe ndipo mwaonetsetsa kuti mulibe mpata, kachizindikiro kapena kutalika, vuto lili m'mawu enieniwo. Chotsani liwu limodzi panthawi mpaka mupeze lomwe likukanitsa. Kuyesa m'bokosimo sikudya mwayi wanu. Chimene chimayambitsa kuwerenga masiku ndi kudina `Save`.

Inu munadina, ndiye masiku anayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo. Ngati panali pa 3 Juni, bokosilo lidzatseguka pa 3 Julayi. Kufufuta apu n'kuikanso sikuthandiza, mungotha bandulo. Kusintha deti pa foni sikuthandiza, kusintha simu kapena kulowa pa foni ya mlamu wanu sikuthandizanso, chifukwa tsikulo linalembedwa pa makompyuta a kampaniyo, osati mu foni yanu. Ndipo wina akakuuzani kuti mumupatse pasiwedi ndi kangachepe akutsegulirani, musayerekeze. Alibe kiyi ina yoposa yanuyo, ndipo akaunti ikhoza kupita.

Lamulo lodikirali, ngakhale lakupwetekani, ine ndimaligwirizana nalo. Inu mumalandira ndalama za chikole pa foni ng'ombe isanakwere lole. Taganizani munthu atamatha kusintha dzina ola lililonse: m'mawa ndi wogulitsa ng'ombe wa ku Ngabu, walandira chikole, masana wasanduka wogulitsa nsomba wa ku Bangula, madzulo ndi wina. Woberedwayo akamufufuza bwanji? Kudikirako kumachititsa kuti dzina likhalitse pa munthu mmodzi nthawi yokwanira kuti anthu amuzindikire n'kumunena. Sikuthetsa akuba, koma kumawachedwetsa.

Tsono chochita lero. M'bokosi la `Name` lembani `Ng'ombe za pa Ngabu` ndendende, ndi mipata yake, ndi kachizindikiro kake. Bokosi limeneli limalola zonsezo, ndipo zilibe kanthu ngati wina ali nalo kale. Ndi dzina lomwe limaoneka kwambiri pa mavidiyo anu, kotero ogula ambiri `88271` ujayo sadzamulabadira. Koma muwerenge kawiri musanadine, chifukwa nalonso pa TikTok limasinthidwa kamodzi pa masiku 7. Kutsegula akaunti yatsopano pofuna dzina lokha sindikulimbikitsani. Otsatira anu ndi mavidiyo onse atsala ku yakaleyo, ndipo mwezi umodzi si wautali poyerekeza ndi nthawi yomwe munawasonkhanitsira.

Ku Facebook nkhani ndi ina. Kumeneko simunakanidwe chifukwa cha ng'. Mwakanidwa chifukwa akaunti ya munthu imafuna dzina la munthu, lomwe anthu amakuitanirani tsiku ndi tsiku. Malamulo awo amakana manambala, zizindikiro, zilembo zazikulu zoikidwa mwachisawawa, mawu wamba m'malo mwa dzina, ndi maudindo a ntchito kapena a chipembedzo. N'chifukwa chake abusa ndi madokotala ena amadabwa udindo wawo ukukanidwa kutsogolo kwa dzina. "Ng'ombe za pa Ngabu" ndi mawu a malonda, si dzina la munthu. Mudzandiuza kuti mwaonapo maakaunti a mayina otero. Alipodi, ena amadutsa. Koma tsiku limene akaunti yotere yatsekedwa n'kufunsidwa chiphaso, mwini wake amatulutsa chiphaso cha unzika cholembedwa dzina lina, akaunti ikuti ng'ombe, ndipo kuibweza kumavuta. Komanso dzina la pa Facebook likasinthidwa mumakhala nalo masiku 60. Wosintha pa 3 Juni amadikira mpaka pa 2 Ogasiti.

Choncho akaunti yanu isiyeni m'dzina lanu, ndipo bizinesiyo muitsegulire tsamba lakelake, lomwe pa sikirini limalembedwa `Page`. Ndi laulere, ndipo linapangidwira mayina a malonda ngati lanuli. Tsambalo lilinso ndi dzina lake la @, lomwe pa Facebook limalola zilembo, manambala ndi madontho okha, ndipo lisachepere zilembo 5. Mukaona zimenezi, dzina lokhala ndi madontho ndi lomwe lingalowe konse kutatu, TikTok, Instagram ndi Facebook, pomwe la timizere tapansi ku Facebook likakanidwa. Wogula asamavutike kuloweza mayina atatu a munthu mmodzi.

Podikira tsiku lanulo, lembani papepala mayina atatu motsatana ndi mmene mukuwakondera. Lililonse mulitchule mokweza ngati mukuuza munthu pa foni muli pakati pa phokoso la pamsika. Dzina lofuna kuti muzinena "ayi, ziro osati o" litayeni. Makampaniwa amasinthanso malamulo awo nthawi ndi nthawi, ndiye tsikulo muwerenge timawu tating'ono tomwe timalembedwa pansi pa bokosi musanadine.

Mukadzasintha, otsatira ndi mavidiyo adzakhalapo onse, koma linki ya tsamba lanu idzasintha. Yakale ija, yomwe munatumiza m'magulu a WhatsApp a ogula, sidzafikanso kwa inu, ndipo patsogolo `ngombe88271` atha kulitenga munthu wina n'kumalandira mauthenga a anthu amene akuganiza kuti akulankhula nanu. Tsiku lomwelo tumizani linki yatsopano m'magulu onse, mujambulenso kavidiyo kakafupi muli pa khola, nkhope yanu ikuoneka, mukutchula dzina latsopanolo. Ngati munali ndi maganizo olembetsa chikwangwani cha pamsewu, wopentayo ayambe wadikira mpaka dzinalo litavomerezedwa.