Maselo ang'onoang'ono a magazi sasonyeza kuchepa kwa ayironi nthawi zonse

"Ndikuphunzira ntchito ya mu labotale. Zotsatira za mayi wina zikusonyeza RBC 5.6, hematokiriti 35% ndi hemogulobini 10.9 g/dL. Kodi MCV, MCH ndi MCHC ndingazipeze bwanji, ndipo kodi mayiyu akusowa ayironi?"

Funso lanu landikumbutsa cholakwa chimene ndinachita nditangoyamba ntchito. Ndinaona MCV, muyeso wa kukula kwa maselo ofiira, yotsika pa pepala la mtsikana wina, ndipo ndinalemba mosakayika kuti thupi lake likuperewera ayironi. Anamwa mapiritsi kwa miyezi ingapo, akudandaula za m'mimba, koma atabweranso manambala ake anali asanasinthe. Mnzanga wachikulire analoza chala pa RBC, chiwerengero cha maselo ofiira, chimene ine ndinali nditachigwiritsa ntchito pogawa basi osachiganizira, nandifunsa kuti munthu wosowa ayironi angapange bwanji maselo ochuluka chonchi. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti aliyense wowerenga MCV payokha sanamalize ntchito yake.

Kawerengedwe kake ndi aka, pamene Hct ndi hematokiriti, gawo la magazi lomwe ndi maselo ofiira, m'maperesenti, Hb ndi hemogulobini mu g/dL, ndipo RBC mu 10^12/L:

```
MCV  = Hct x 10 / RBC
MCH  = Hb x 10 / RBC
MCHC = Hb x 100 / Hct
```

Kwa mayi wanuyo MCV ikutuluka 62.5 fL, pamene kwa munthu wamkulu imayenera kukhala pakati pa 80 ndi 100, choncho maselo ake ndi aang'ono kwambiri. MCH ndi 19.5 pg, yomwe ili pansi kwambiri pa 27, kusonyeza kuti selo lililonse lanyamula hemogulobini yochepa. MCHC, yomwe imasonyeza kuchuluka kwa hemogulobini poyerekeza ndi kukula kwa maselo, ndi 31.1 g/dL, yotsika pang'ono chabe poyerekeza ndi 32 mpaka 36.

Tsopano bwererani ku 5.6 uja. Ayironi akachepa, mafuta a m'mafupa amalephera kupanga maselo okwanira, motero maselo amachepa kukula komanso nthawi zambiri amachepa chiwerengero. Koma mwa munthu wobadwa ndi chibadwa cha talasemiya, vuto lotengera kwa makolo limene limasokoneza kapangidwe ka hemogulobini, maselo amakhala aang'ono koma ochuluka. Mukagawa MCV ndi RBC, 62.5 ndi 5.6, mupeza 11.2, ndipo nambala yochepera 13 imaloza ku talasemiya, pamene yoposa 13 imaloza ku kuperewera kwa ayironi. Ichi ndi chizindikiro chabe, pakuti mavuto awiriwa amatha kupezeka mwa munthu mmodzi.

Dziwaninso kuti RBC ikawerengedwa ndi maso pa maikulosikopu imalakwika mosavuta, ndipo cholakwacho chimalowa mu MCV ndi MCH, koma MCHC sichiikhudza. Ngati RBC yanuyo inachokera ku makina, pemphani kuti ayeze feritini, yomwe imasonyeza ayironi wosungidwa m'thupi, onani magaziwo pa galasi, ndipo feritini ikakhala yabwinobwino, mayiyo ayezedwe mitundu ya hemogulobini asanapatsidwe mapiritsi a ayironi.